Mafunso ndi Mayankho: Kuwerenga Magirafu a Bayoloje (Fomu 4)

Awa ndi mafunso amene munandipatsa pokonzekera mayeso a MSCE. Tigwiritsa ntchito girafu ya pabolodi ija, yoonetsa liwiro limene gulukosi amalowera m'maselo ofiira a magazi. Manambala ake ndi ongoyeserera: gulukosi wa kunja kwa selo akakhala 0, 2, 4, 6, 8 ndi 10 mmol/dm³, liwiro likukhala 0, 10, 18, 23, 25 ndi 25.

Ndikangoona girafu mutu umaima. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi mzere wokhotawo. Yambani mwawerenga zimene zalembedwa m'mbali. Mzere wogona, wa x, umasonyeza chimene wofufuza ankasintha yekha, apa ndiye kuchuluka kwa gulukosi. Woimirira, wa y, umasonyeza chimene ankayeza. Onaninso miyeso yake, ndiponso kuti kabokosi kamodzi kakuimira zingati.

Funso likati ndilongosole zimene girafu ikuonetsa, ndilembe chiyani?

Zimene maso akuona basi, koma ndi manambala. Igaweni girafuyo m'zigawo. Kuchoka pa 0 kufika pa 4 mmol/dm³ liwiro likukwera msanga, kufika 18. Kuchoka pa 4 kufika pa 8 likukwerabe koma pang'onopang'ono, kufika 25. Kupitirira 8 silikusinthanso. Mukangolemba kuti "likukwera" mwasiya malikisi pathebulo. Zifukwa musazilembe pano, zidikire funso lake.

Nanga n'chifukwa chiyani mzere ukugona pomwe gulukosi akuchulukirabe?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Gulukosi sangadutse yekha m'mafuta a khungu la selo. Amadutsa m'mapuloteni onyamula amene ali pakhungupo, ndipo mapuloteniwo ndi owerengeka. Gulukosi akakhala wochepa, mapuloteni ambiri amangokhala, choncho mukawonjezera gulukosi liwiro limakwera. Koma imafika nthawi yoti puloteni iliyonse yatanganidwa: ikangotula wina, wina walowa kale. Zili ngati kuchigayo tsiku la msika. Matumba achuluke chotani pamzere, makina amagaya pa liwiro lawo lomwelo.

Ndiye poyankha tchulani chimene chikuchepetsa liwiro m'chigawo chilichonse. Pamene mzere ukukwera, chosowa ndi gulukosi. Pamene wagona, chosowa ndi mapuloteni onyamula. Selo yokhala ndi mapuloteni ambiri mzere wake ukanakagonera pamwamba kuposa 25.

Mzere ukagona, ndiye kuti gulukosi wasiya kulowa?

Ayi, ndipo ambiri mumagwa pomwepa. Mzere wa y ukuyeza liwiro. Mzere wokhotawo wagona pa 25, osati pa 0, kutanthauza kuti gulukosi akulowa mothamanga kwambiri mmene selo ingathere. Koma chenjerani: girafu ina imaika nthawi pa x, ndi gulukosi yense amene walowa pa y. Pamenepo mzere ukagona ndiye kuti mkati simukuwonjezekanso kanthu. Maonekedwe ndi amodzi, tanthauzo n'losiyana, n'chifukwa chake ndimalimbikira zowerenga m'mbali.

Bwanji ngati mzere ukungokwera mowongoka osagona?

Imeneyo ndi difyushoni wamba, monga mmene okosijeni amalowera m'selo. Safuna puloteni yomunyamula, kotero palibe chodzaza.

Akitivu tiransipoti nayo mzere wake umagona. Ndizisiyanitsa bwanji?

Kugona kokhako sikungakuuzeni, chifukwa nayonso imadalira mapuloteni onyamula. Funani umboni wina m'funsomo. Kodi chinthucho chikulowa ngakhale mkati mwa selo muli chambiri kuposa kunja, monga mizu imakokera naitireti m'nthaka? Kodi liwiro latsika atachotsa okosijeni, kapena atathira sayanaidi, amene amaimitsa ntchito yopanga mphamvu m'maitokondiriya? Ngati zili choncho, ntchitoyo ikufuna ATP, ndiye kuti ndi akitivu tiransipoti. Olemba mayeso saika mzere wachiwiri pagirafu, monga woonetsa liwiro atathira sayanaidi, pachabe. Kawirikawiri yankho limakhala mmenemo.

Masamu ake amatani?

Si ovuta. Akafunsa kuti liwiro lakwera ndi maperesenti angati pakati pa 2 ndi 4 mmol/dm³, chotsani loyamba pa lachiwiri, gawani ndi loyamba, chulukitsani ndi 100: (18 − 10) ÷ 10 × 100 = 80%. Gawani ndi 10, osati 18. Powerenga nambala pagirafu gwiritsani ntchito rula ndi pensulo, musayerekeze ndi maso.

Girafu ya enzayimu ndi kutentha imafanana ndi imeneyi?

Ayi. Imeneyo imakwera, kufika pamwamba, kenako n'kutsika msanga, chifukwa kutentha kwambiri kumawononga maonekedwe a enzayimu. Yofanana ndi yathuyi ndi ya enzayimu ndi kuchuluka kwa chinthu chimene ikuphwanya: malo ogwirira ntchito a enzayimu akadzaza onse, mzere umagona. Jambulani magirafu awiriwa m'kope mwanu, mubwere nawo Lachinayi.