Zimene Galu Anaona pa Lizulu

Galuyo analibe mwini, ndipo dzina limene ankaitanidwa nalo kale anali ataliiwala, koma tsiku la msika pa Lizulu ankalizindikira ndi mphuno kusanache. Chifunga chikadakuta msewu wa M1, fungo la kabichi ndi kachewere wongokumbidwa kumene linkafika pa njinga ndi pa ngolo, katundu wina akuchokera mbali ya Mozambique, kumene kwa iye kunali kungodumpha msewu basi.

Anabisala pansi pa benchi la mayi wogulitsa tomato, pakuti mayiyo sankagenda. Kuchokera pamenepo anthu ankaoneka miyendo yokhayokha: mapazi ong'aluka a alimi, nsapato zopukuta za ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiponso mapatapata a anyamata othamangira mabasi atanyamula mabeseni a anyezi. Mapazi oponya mwendo ankawadziwa onse. Chimene chinkamusunga pamalopo chinali chiwaya cha tchipisi, chifukwa dzuwa likafika pamutu mnyamata wokazinga ankataya mafupa a mbuzi kuseri kwa mbaula.

Ali chidikirire mafupawo, anaona timiyendo tiwiri topanda nsapato tikudzandira pakati pa chikhamu. Kanali kamwana kongoyamba kuyenda, ndipo kankanunkha phala. Akuluakulu onse maso anali pa ndalama ndi pa milu ya kaunjika, moti panalibe amene anayang'ana pansi pamene kamwanako kanalunjika kumsewu, kumene lole yodzaza matumba inali kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono.

Galuyo anatuluka, nakaima pakati pa mwanayo ndi tayala, ndipo anauwa ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'nthiti zake zoonekerazo. Mwanayo anagwa chagada n'kuyamba kulira.

"Galu wachiwewe! Akuluma mwana!" anakuwa bambo wina.

Wothandiza dalaivala anamenya chitsulo cha lole ndi chikhatho, loleyo n'kuima. Mwala woyamba unaphonya, koma wachiwiri unamupeza pa mwendo wakumbuyo, ndipo anathawa akutsimphina mpaka kukalowa mu ngalande. Ali mmenemo anamva mayi wina akulira mokweza kuti, "Mwana wanga ine! Zikomo achimwene, mwandipulumutsira mwana!" Anali kuthokoza bambo amene anagenda uja.

Msika unapitirira monga mwa masiku onse. Oitanira anapitiriza kukuwa za Dedza ndi Ntcheu, ndipo mafupa a mbuzi anadyedwa ndi agalu ena. Chakumadzulo, mitengo itatsika ndiponso ogula atachepa, mayi wa tomato uja anafika pa ngalande atanyamula nsima yotsala ndi mitu ya usipa m'pepala.

"Mukudyetsa galu amene uja, amayi?" anafunsa mnyamata wa tchipisi.

"Ine ndinaona pamene panali tayala," anayankha mayiyo, nabwerera kukalongedza madengu ake.

Galuyo anadya msangamsanga, diso limodzi lili pa mapazi a mnyamatayo.