Kalata yopempha kuti Naphiri alembedwe ntchito yokhazikika m'sitolo ya ku Kasungu

Kasungu Boma
26 Juni 2024

Kwa Bwana Mwinisitolo
Lilongwe

Bwana,

ZA KUTHA KWA MIYEZI ITATU YOYESERERA YA NAPHIRI, WOGULITSA PAKAUNTA

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Kuno ku Kasungu kwazizira, koma ntchito ikuyenda.

Ndalemba kalatayi monga munandiuzira tsiku lomwe tinalemba Naphiri, kuti nthawi ya pulobeshoni ikamatha ndidzanene maganizo anga. Anayamba ntchito pa 2 Epulo 2024, ndipo miyezi itatu imene tinagwirizana ikutha pa 30 Juni. Ndinene poyera kuchiyambi komwe kuno: ndikupempha kuti mumulembe ntchito yokhazikika kuyambira pa 1 Julaye. Pali zinthu ziwiri zimene ayenera kukonza ndipo ndazifotokoza m'munsimu osabisa kanthu, koma palibe chimene chingandichititse kunena kuti timutaye kapena timuwonjezere miyezi ina yoyeserera.

Mukumbukira kuti anabwera panthawi yovuta. Msika wa fodya unali ukutsegulidwa, alimi ayamba kulandira ndalama, ndipo shuga anali akusowa m'dziko muno. Tsiku limene galimoto yatsitsa mabelo a shuga, mzere unkafika mpaka kumsewu, ena akukankhana, ena akutinena kuti tabisa katundu kuseri. Mtsikanayu anali asanathe sabata ziwiri pantchito. Ndinamuuza kuti lamulo lathu ndi mapaketi awiri munthu mmodzi, ndipo anaima pakaunta kuyambira m'mawa mpaka shuga atatha, osakweza mawu kwa aliyense. Bambo wina wa golosale ya kumudzi anamunong'oneza kuti amupatse belo lonse, iye amusiyira K5,000 ya m'thumba. Anakana, ndipo madzulo anabwera kudzandiuza yekha. Ine sindinaone zimenezo, ndipo akanakhala chete sindikanadziwa.

Pa nkhani ya ndalama, ndawerenga naye kashi madzulo aliwonse. M'miyezi yonseyi kashi yaperewera kawiri kokha, K700 tsiku lina ndi K1,200 tsiku lina, ndipo ulendo wachiwiriwo iye mwini ndiye anakumbukira kuti anabweza chenji chopitirira kwa mayi wina wogula mafuta ophikira. Pa 17 Meyi zinachitika mosiyana. Agogo ena ochokera cha ku Chamama anagula sopo, mchere ndi machesi, ndiye anaiwala pakaunta kachikwama ka nsalu muli K38,000. Naphiri anakamanga m'pepala, analembapo tsiku ndi ndalama zake, nandipatsa kuti ndiike m'sefa. Agogowo atabwera m'mawa mwake akunjenjemera, anawakhazika pampando, anawawerengera ndalama zawo pamaso panga, kenaka anawaperekeza mpaka pakhomo. Kuchokera tsiku limenelo agogowo sagula kwina, ndipo abweretsa kale anzawo awiri. Bwana, inu mukudziwa anthu angati amene tinawachotsa m'sitolo muno chifukwa cha dzanja lalitali. Munthu wamanja oyera chotere sapezeka tsiku lililonse.

Nthawi amasunga. Timatsegula 7:30 m'mawa ndipo ndimamupeza atafika kale, nthawi zambiri atasesa pakhonde. Anajomba tsiku limodzi lokha, pa 4 Juni, mwana wake atadwala malungo, ndipo anaimba foni kusanache n'kubweretsa buku la kuchipatala tsiku lotsatira. Mitengo anaigwira msanga ngakhale kuti chaka chino timasintha kawirikawiri. Makina a malisiti anawazolowera m'sabata yoyamba, ndipo kasitomala sachoka popanda lisiti, ngakhale amene wagula bokosi limodzi la machesi. Ndi anzake awiri apantchito amakhala bwino. Sindinamvepo mkangano.

Tsopano zoti akonze.

Choyamba ndi kulemba malonda a pafoni nthawi yomweyo. Masiku ano makasitomala ambiri akulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo lamulo lathu ndi lakuti wogulitsa aone uthenga pafoni ya sitolo, osati pafoni ya kasitomala, kenaka alembe m'buku ndalama, nthawi ndi nambala ya uthengawo asanapereke katundu. Anthu akakhala ochepa, Naphiri amachita zonsezi bwinobwino. Vuto limabwera mzere ukatalika. Amamvera chisoni anthu odikira, ndiye amapereka katundu n'kunena kuti alemba pakapita kanthawi. Madzulo timapeza malonda atatu kapena anayi osalembedwa, n'kumakhala theka la ola tikufufuza m'mauthenga kuti buku ligwirizane ndi foni.

Loweruka pa 1 Juni chizolowezi chimenechi chinatiluzitsa. Mnyamata wina wovala bwino anatenga mafuta ophikira a malita asanu ndi thumba la mpunga, zonse K41,500, namuonetsa uthenga pafoni yake wooneka ngati watumiza ndalama. Foni ya sitolo inali patchaja kuseri, ndipo pambuyo pa mnyamatayo panali anthu oposa khumi. Naphiri anakhulupirira. Uthengawo unali wabodza, ndalama sizinalowe. Nditamufunsa sanazembe kapena kuloza mnzake. Anati analakwitsa ndi iyeyo, ndipo anapempha kuti tizimudula pamalipiro. Sindinavomere zimenezo, chifukwa nane ndili ndi mbali yanga: foni ija sinayenere kukhala kuseri tsiku la Loweruka lakumapeto a mwezi, ndipo amene anaiika kumeneko ndine. Nkhaniyi ndinakulemberani mu lipoti la sabata imeneyo. Kuchokera pamenepo ndaika soketi pansi pa kaunta kuti foni isamachokepo, ndipo ndamuuza kuti kasitomala adikire mphindi imodzi palibe mlandu, amene akufulumira kwambiri aitane ine. M'masabata atatu apitawa malonda osalembedwa apezeka kamodzi kokha. Ndikufuna kuti pofika kumapeto a Ogasiti buku ndi foni zizigwirizana tsiku lililonse popanda kufufuza.

Chachiwiri ndi kasanjidwe ka katundu m'mashelefu. Mashelefu ake amakhala aukhondo ndi odzaza, moti munthu akalowa amasangalala. Koma katundu watsopano akafika amamuika kutsogolo, wakale n'kukankhidwira kumbuyo. Pa sopo kapena machesi palibe vuto. Pa majarini, mkaka, yisiti, mabisiketi ndi zakumwa ndi nkhani ina. Powerenga sitoko kumapeto a Meyi tinapeza kumbuyo kwa shelefu mapaketi 14 a mabisiketi ndi timabotolo 9 ta juwisi titadutsa masiku, zonse pamodzi K16,300. Ndalamayo si yaikulu, koma chimene chimandiopsa n'chakuti paketi imodzi yotere ikagulitsidwa kwa mwana wasukulu, kapena a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards akaipeza pashelefu poyendera masitolo, dzina la sitolo yanu ndi limene lingaipe, ndipo m'tauni yaing'ono ngati ino mbiri imayenda msanga kuposa minibasi.

Nditakhala naye pansi ndinazindikira kuti palibe amene anamuphunzitsapo zimenezi. Kumene ankagwira kale ankagulitsa zitenje ndi nsapato, katundu wopanda tsiku lothera. Ndinamusonyeza pamene pamalembedwa tsikulo pa katundu wosiyanasiyana, poti pena limakhala pachitsekero, pena pansi pa chitini, pena lodindidwa mosaoneka bwino m'mphepete mwa paketi. Tagwirizana kuti Lolemba lililonse m'mawa, anthu asanachuluke, azitsitsa katundu wa mashelefu awiri, wakale abwere kutsogolo, ndipo chilichonse chotsala ndi masiku osakwana 30 achilembe m'kabuku kuti ine ndione ngati titsitse mtengo kapena tibweze kwa otigulitsa. Wachita kale Malolemba atatu. Akadali wochedwa, ndipo sabata yatha anadumpha shelefu ya zakudya za ana, koma njira waidziwa. Ndidzayendera naye mashelefu onse kumapeto a Julaye ndi a Ogasiti.

Ndaganizira ngati kuli bwino kumuwonjezera nthawi yoyeserera, popeza lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limalola kuti nthawiyi ifike mpaka miyezi 12 kwa wantchito waluso. Sindikuona chifukwa. Tinalonjeza miyezi itatu, ndipo chimene timafuna kudziwa m'miyezi imeneyi tachidziwa: ndi wokhulupirika, amalemekeza makasitomala, amamva akadzudzulidwa. Zolakwa ziwirizi n'zophunzitsika, ndipo zonse zayamba kale kusintha. Munthu amene akugwira ntchito akudziwa kuti atha kuuzidwa tsiku lililonse kuti mawa usabwere sakhazikika mtima, ndipo ndamva kuti eni sitolo ina ya zipangizo zomangira pafupi ndi depoti anamufunsapo kale ngati ali wokhutira kuno.

Choncho ndikupempha izi. Mumulembere kalata yomukhazikitsa pantchito kuyambira pa 1 Julaye 2024. Malipiro ake akwere kuchoka pa K110,000 kufika pa K130,000 pamwezi, monga munanenera tsiku lomufunsa mafunso. Dzina lake lilowe m'ndondomeko ya penshoni monga anzake, inu kuikapo 10 peresenti ndi iye 5 peresenti. Popeza amagwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, tchuthi chake chapachaka ndi masiku 18, ndipo ndingakonde kuti adzachitenge mu Febuluwale malonda akachepa. Ndipemphenso yunifolomu yachiwiri, chifukwa ali ndi imodzi yokha ndipo nyengo yozizira ino akaichapa madzulo siuma pofika m'mawa.

Zonse zili m'kalatayi ndakambirana naye Lolemba pa 24 Juni, sitolo itatsekedwa. Ndinamuwerengera zoyamikira ndi zodzudzula zomwe. Wavomereza zonse ziwiri, ndipo wapempha kuti tsiku lowerenga sitoko azikhala nane kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti aphunzire kalembedwe kake. Ndavomera, ayamba Lamlungu pa 30 Juni, ndipo tsikulo ndidzamubwezera Lachiwiri lotsatira. Kope ya kalatayi ndamupatsa ndipo wasainira kuti walandira. Ndidzakulemberaninso pa 2 Sepitembala kukuuzani mmene zinthu ziwirizi zayendera.

Ngati n'kotheka, yankho lanu lifike Loweruka lisanakwane, kuti ndimuuze mwezi usanathe. Buku la malonda a pafoni ndi mapepala a sitoko a Epulo ndi Meyi ndawapereka kwa dalaivala amene akubwera ndi kalatayi, kuti muone nokha.

Ine wanu pantchito,

Woyang'anira Sitolo
Nthambi ya ku Kasungu