Raundi robini: tungani chidebe chimodzi, mubwerere kumbuyo

Anzanga a m'gulu lathu lowerengera limodzi ku Mufakose, Loweruka tinasokonezana pa nkhani ya kwantamu, kanthawi kamene purosesa ya kompyuta imapatsa pulogalamu iliyonse mosinthanasinthana, ndiye ndati ndiilembe bwinobwino mayeso asanafike.

Madzi akasiya kutuluka m'mipopi muno mu Harare, tonse timakakumana pamjigo. Tiyerekeze kuti pamjigopo agwirizana kuti aliyense atunge chidebe chimodzi, ndipo amene zigubu zake sizinadzaze abwerere kumapeto kwa mzere. Raundi robini ndi yomweyo. Mjigo ndi purosesa, otunga ndi mapulogalamu amene akudikira, chidebecho ndi kwantamu. Kwantamu ikatha, wotchi ya mkati mwa kompyuta imadula ntchitoyo, n'kulowa yotsatira. Ntchito ikatha msanga kapena ikayamba kudikira disiki, imachoka yokha.

Timayeza zinthu ziwiri: nthawi yonse kuchokera pofika mpaka pomaliza, ndi nthawi yodikira kuti ugwire mjigo koyamba.

```
turnaround = finish - arrival
response = first_run - arrival
```

Tengani ntchito zitatu, P1, P2 ndi P3, zofika pamodzi, iliyonse yofuna mamilisekondi 6. Kwantamu ikakhala 6, zimatha pa 6, 12 ndi 18, avereji 12. Koma P3 yakhala chete mpaka pa 12, ndipo avereji yoyankhidwa koyamba ndi 6. Apa palibenso kusinthana, wafika koyamba watunga mpaka kumaliza.

Tsitsani kwantamu ifike pa 1. Zonse zayamba pa 0, 1 ndi 2, avereji 1 basi. Zokoma. Koma taonani pothera: 16, 17 ndi 18, avereji 17. Aliyense wagwirako mjigo msanga, koma palibe wapita kunyumba msanga. Apa ndi pamene ambirife tinagwa, poganiza kuti kwantamu yaing'ono imafulumizitsa chilichonse. Ikakhala 2, zimatha pa 14, 16 ndi 18. Musaloweze kuti yaikulu imapambana nthawi zonse ayi: ntchito yaitali ikakhala kutsogolo, zazifupi kumbuyo, yaing'ono ndiyo imazipulumutsa.

Ndipotu sitinawerengere kuchotsa chidebe ndi kuikapo china. Posintha ntchito, purosesa imasunga marejista, timalo take tosungira manambala amene ikugwira, a yotulukayo n'kutenga a yolowayo. Pa kwantamu 6 tasintha kawiri, pa 1 tasintha ka 17, ndipo nthawi imeneyo madzi satungidwa.

Ntchito zikakhala `n` ndipo kwantamu ikakhala `q`, palibe imene idikire kupitirira `(n - 1) * q` isanapatsidwenso mpata, tikasiya nthawi yosinthira. Mabuku ambiri amati kwantamu imakhala pakati pa mamilisekondi 10 ndi 100. Amene muli ndi Linux, lembani izi:

```
cat /proc/sys/kernel/sched_rr_timeslice_ms
```

Kawirikawiri imaonetsa 100, ya ntchito za `SCHED_RR` zokha, limene ndi dzina la raundi robini mu Linux. Loweruka likudzali mubwere mutayesa ntchito za 8, 4 ndi 2 pa kwantamu 2. Ine ndapeza avereji 10 pa nthawi yomalizira.