Undiuze chimodzi, Nambewe

Mchesi, Lilongwe
Lamulungu usiku

Wokondedwa Nambewe,

Ndalemba papepala chifukwa mauthenga apafoni umangowawerenga n'kukhala chete, ndipo tikakumana maso ndi maso, ukangomwetulira ndimaiwala zonse zomwe ndinakonza kunena.

Mayi atatisiya mu Juni, unakwera minibasi ndi ndalama zako mpaka ku Lizulu popanda wokutuma. Unagona pasiwa ndi azimayi masiku awiri, kuzizira kwa ku Ntcheu kuja, pamphasa ndi chitenje chimodzi. Ndimakuonabe ukupakula nsima ya adzukulu, maso atafiira ndi utsi. Azakhali anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa kuti, "Mwana wakhalidwe chonchiyu munam'peza kuti?" Pamaliro onse aja, mpamene ndinaseka.

Patangotha masabata awiri tinakumana potuluka m'tchalitchi, iwe uli ndi anzako a kwaya. Unangoti, "Mwadzuka bwanji achimwene?" n'kupitirira. Achimwene! Ndinaima pamenepo dzanja lili m'malere ngati wopempha.

Ndi mmene zakhalira mpaka lero. Tsiku lina umatulukira kushedi ndi chigumu chotentha, n'kukhala pampando wosatha kukhoma, n'kumandiphuphutha utuchi kumutu anyamata akuona. Mawa lake ndikaimba, foni imangoitana. Lachiwiri lapitali unandiimbira 11 koloko usiku, tinacheza mpaka mayunitsi anakuthera, ukunditcha "iwe" n'kumandifunsa kuti ndikufuna ana angati. Kuchokera tsiku limenelo ndalandira mawu awiri okha: "Ndatanganidwa, pepani." Ndiye ndine ndani kwa iwe, wa "iwe" kapena wa "pepani"?

Ndadzifufuza ngati ndinakulakwira. Ndaganizapo zoti mwina alipo wina, kapena kwanu safuna mkamwini kalipentala. Zonsezo ndingazipirire utandiuza. Chimene chimandisowetsa tulo n'china: kuti mwina unangondimvera chisoni pa imfa ya mayi, ndiye pano ukusowa pothawira poopa kundipweteka. Ngati ndi choncho, usaope. Zimene unachita ku Lizulu sindidzaziiwala, ndipo si ngongole yoti uziibweza ndi chibwenzi chomwe mtima wako sukufuna.

Koma ngati ukundifuna, n'kungokhala kuti pali chimene chikukuopsa, nditchulire. Ine ndimakukonda, ndipo sindinakuuzepo zimenezi mongocheza.

Amalume akubwera kumapeto kwa mwezi uno kudzagula malata. Andifunsa kale kawiri ngati yakwana nthawi yoti akaonekere kwa amalume ako, ine n'kumangoti tidikire kaye. Kachitatu sindikufuna kuwanamiza, komanso sindikufuna kuwatuma kunyumba komwe sakuyembekezeredwa.

Loweruka ndiweruka 4 koloko, koma ndikhalabe kushedi mpaka mdima. Ukabwera tidzakambirana. Ngati kubwera kukuvuta, um'patse kakalata mng'ono wako pamene akupita kumsika, ngakhale ka mzere umodzi. Kampando kaja unati ukufuna ka m'khitchini ndinamaliza, ndapaka vanishi dzulo. Ndi kako, yankho lako likhale lililonse.

Ndine,
Yamikani