Kuchuna chithunzi cha tivi ndi zithunzi zoyesera zaulere

Tivi yatsopano imabwera itachunidwa kuti izikopa ogula pansi pa magetsi owala a m'sitolo. Ikafika pabalaza, kapinga wa m'bwalo la mpira amabiriwira mopyola muyeso, ndipo nkhope za anthu akuda zimamira mumthunzi moti maso ndi masaya sizioneka bwino. Nthawi zambiri tiviyo ilibe vuto. Imangofuna kuchunidwa, ndipo mukhoza kuchita nokha madzulo amodzi ndi rimoti ndi fulashi.

Zithunzi zoyesera zomwe tigwiritse ntchito ndi za AVS HD 709, zomwe zimapezeka ulere pa intaneti. Tengani za mtundu wa MP4, mukopere foda ya Basic Settings pa fulashi, mulowetse pa USB ya tivi. Zinapangidwira kanema wamba wa HD ngati amene amachokera pa dikoda, osati HDR, mtundu wa kanema wowala kwambiri. Yatsani tivi ikhale mphindi 30 musanayambe, ndipo chipinda chiwale mmene chimakhalira mukamaonera masiku onse.

Choyamba pitani pa Picture Mode, muchoke pa Vivid kapena Dynamic, musankhe Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode. Zimitsani Dynamic Contrast, Eco, Noise Reduction ndi zonse zomwe zimasintha kuwala pazokha, chifukwa zikakhala zoyaka zimasokoneza chilichonse chomwe mwachuna. Pa Colour Temperature sankhani Warm. Poyamba chithunzi chioneka ngati chachikasu, koma musabwerere msanga. Opanga mafilimu amachunira zoyera pa mulingo wa mtundu wotchedwa 6500K, ndipo Warm ndiye amayandikirapo. Maso anu anangozolowera zoyera zopendekera ku buluu.

Kenako Backlight, nyali yakumbuyo kwa sikirini. Iyi ilibe nambala yolondola: ikwezeni mpaka muziona bwino popanda maso kuwawa.

Tsopano tsegulani chithunzi cha Black Clipping mu foda ya Basic Settings ija pa fulashi. Gawo ili ndi lofunika kuposa onse, ndiye musalithamangire. Muona mizere yakuda yokhala ndi manambala, ikuphethira. M'kanema, kuda kwenikweni kuli pa 16 ndipo kuyera kwenikweni kuli pa 235. Kwezani Brightness mpaka mizere yambiri iziphethira, kenako muzitsitsa kamodzikamodzi mpaka mzere wa 16 ndi yonse ya pansi pake izimiririke, koma kuyambira 17 mpaka 25 ikhalebe ikuoneka. Wa 17 azioneka movutikira, ngati mukuchita kumufunafuna. Mukatsitsa kwambiri, tsitsi, jekete lakuda ndi nkhope ya munthu amene waima pamthunzi zimasanduka chinthu chimodzi. Mukakweza kwambiri, usiku umaoneka wotuwa ngati phulusa. Chenjezo limodzi: pa tivi zina zatsopano Brightness ndi nyali ija, ndipo chochunira kuda chimatchedwa Black Level kapena Shadow Detail. Mukaona kuti sikirini yonse ikungowala koma mizere sikusintha, mwagwira polakwika.

Pitani pa chithunzi cha White Clipping. Apa mugwiritsa ntchito Contrast. Mizere ya 230 mpaka 234 iyenera kuphethira yonse. Ngati ina yasowa, tsitsani Contrast mpaka ibwere, ndipo ngati zoyerazo zikuoneka zofiirira, tsitsaninso pang'ono. Izi ndi zomwe zimachititsa kuti makwinya a malaya oyera ndi mitambo zioneke. Mukatha bwererani pa Black Clipping mukaonenso, poti Contrast ikasuntha kuda nakonso kumatha kusuntha.

Za mitundu sindikulimbikitsani kuchita zambiri. Chithunzi cha Flashing Color Bars chimafuna kuti muzione mu buluu yekha. Ngati tivi yanu ili ndi RGB Only Mode kapena Colour Filter, sankhani Blue, musunthe Colour ndi Tint mpaka timabokosi tophethira tifanane ndi mizere yake. Ngati ilibe, zisiyeni mmene Movie yaziikira. Kuchuna mitundu ndi maso okha kumaononga zambiri kuposa zomwe kumakonza.

Chomaliza ndi chithunzi cha Sharpness & Overscan. Yang'anani mizere yakuda: ngati m'mbali mwake muli kamzere koyera kowala, tsitsani Sharpness mpaka kachoke, koma zilembo zisafike pochita mbuu. Kamzereko si mbali ya chithunzi, tivi ndiyo ikuwonjezera. Onaninso ngati malire a chithunzi akuoneka mbali zonse zinayi. Ngati adulidwa, sakani Just Scan, Fit to Screen kapena Full Pixel.

Musanachotse fulashi, lembani manambala onse papepala. Tivi zambiri zimasunga zochuna za USB padera ndi za HDMI, choncho pitani pamene pali dikoda, musankhe Movie yomweyo, mulowetse manambalawo. Ngati pa HDMI chithunzi chikuoneka chotuwa, onani HDMI Black Level, muike pa Low kapena Auto. Onerani chonchi kwa sabata imodzi musanasinthe kalikonse. Masana kukawala kwambiri, kwezani Backlight yokha, zinazo musazigwire.