Cha mlaza kapena cha zipi? Ndithandizeni kusankha chimodzi

Abale anga mwaswera bwanji, lero sindikugulitsa kanthu ayi, ndabwera ndi funso ndipo ndikufuna mundiyankhe zoona zokhazokha. Pazithunzi ziwirizo mukuona zikwama ziwiri, zonse ndi masampulo, chimodzi chimodzi basi. Mpamba umene ndili nawo ukukwana kupanga mtundu umodzi wokha, zikwama 30, zoti zikhale zitatha Disembala asanafike. Nde musanalembe kuti zonse zili bho, werengani kaye mpaka pansi.

Nambala 1 ndi cha mlaza. Thupi lake akuluka ndi amayi atatu a ku Mpondasi amene ndimagwira nawo ntchito, ine ndimangosokerera chitenje mkati, kuika zogwirira ziwiri zazifupi ndi batani limodzi lamtengo pakamwa. Ukachiika pansi chimaima chokha osagwa, ndipo chimanunkhira kafungo ka mlaza wouma kaja, amene munakulira kunyanja kuno mukukadziwa, kafungo ka mkeka watsopano. Mumalowa zambiri ndithu, ndinayesa kuikamo chitenje chopinda, botolo la madzi, buku la kusikelo la mwana, matewera awiri, malo n'kutsalabe. Koma ndisakubisireni zovuta zake. Pakamwa sipatsekeka bwinobwino, batani limodzi lija limangogwira pakati, m'mbalimu mumakhala poyera, nde ngati muli mu minibasi yodzadza kapena mumsika tsiku la anthu ambiri mtima sungakhale m'malo. Chinanso mlaza sugwirizana ndi mvula, ukanyowa n'kusungidwa osauma umachita chuku n'kuda. Ndipo tikulowera nyengo ya dzinja kumene. Kuluka chimodzi kumawatengera amayiwa masiku awiri, mwina atatu ngati kuli maliro kapena ntchito yakumunda, mtengo wake ukhala K22,000 sindingatsitse kuposa pamenepo popanda kuwadyera masuku pamutu oluka aja.

Nambala 2 ndi cha zipi. Ichi ndikusoka ndekha pa mashini, kunja chitenje, mkati ndaikamo nsalu ya jinzi ya pakaunjika kuti chilimbe chisamakhale lendelende. Lamba wake ndi wautali wopingasa pachifuwa, moti ukakwera kabaza manja onse awiri amakhala omasuka, ndinachiyesa ndekha kuchoka pa boma kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita tsidya ndi kubwerera, sichinaterereke paphewa olo kamodzi. Mkati muli kathumba kena kazipi ka foni ndi ndalama. Chimachapika, sopo ndi madzi basi, kuyanika pamthunzi. Kuipa kwake n'koti ndi chochepa thupi, chitenje chopinda chikalowamo ndi foni ndi chaja kwatha, botolo la madzi iwalani. Komanso chitenje ndi dzuwa lathu la Mangochi lino mukulidziwa, la Okutobala lija, pakapita miyezi mtundu umayamba kusuluka makamaka wofiira ndi wabuluu. Ichi chikhala K16,000.

Chifukwa chimene ndikukakamira kuti munene zoona ndi ichi. Chaka chatha ndinapanga zipewa za chitenje, ndinaika chithunzi pompano, anthu anayamikira kwambiri, wina kuti ndisungireni ziwiri wina kuti mwezi ukatha ndikupezani. Ine mtima unakoma, ndinatenga ndalama ya ku banki m'khonde n'kusoka 40. Zinagulidwa 9. Zotsalazo zinakhala m'katoni miyezi, ngongole ndikubweza sabata ndi sabata. Tsiku lina mayi wina amene amagulitsa usipa, kasitomala wanga wakale, anatenga chipewa chimodzi n'kuchivala, kenako anachivula n'kundiuza kuti mwana wanga, ichi chikutentha m'mutu, nsalu mwaphatikiza ziwiri ngati tili ku Dedza. Zinandilowa mumtima chifukwa zinali zoona, ndipo anthu ambiri ayenera kuti anaona zomwezo koma anachita manyazi kundiuza. Akanandiuza ndili pa sampulo bwenzi nditachotsa nsalu imodzi ija basi. Sindikufuna zibwerezenso, makamaka pano pamene pali mabanja ena atatu amene akudikira kumva ngati oda ilipo kapena ayi, mlaza amayenera kukadula, kuuyanika, kuung'amba, si zinthu zoti ungawauze lero mawa zatheka.

Nde funso langa si loti chokongola ndi chiti. Ndikudziwa pachithunzi cha mlaza ndi chimene chikukoka maso, inenso ndikachiyang'ana chimandisangalatsa. Funso ndi loti ndalama ili m'manja mwanu, yanu imene mwaivutikira, mungatulutse pa chiti? Lembani 1 kapena 2, kenako mawu ochepa chabe a chifukwa chake, ndi komwe mungapite nacho, kaya ndi kuntchito, kutchalitchi, kumzikiti Lachisanu, ku chinkhoswe, kusikelo kaya kumsika. Zimenezo zindithandiza kwambiri kuposa nambala yokhayo.

Ndipo ngati zonse ziwiri simungagule, nenani choncho, lembani 0. Sindikwiya, ndikulonjeza. Mwina mtengo wakwera, mwina muli nacho kale chonga chomwecho, mwina chitenje ndasankhachi sichikukusangalatsani, ndiuzeni. Amene mukuona kuti pagulu pano simungamasuke nditumizireni uthenga kumbali, ndiwerenga uliwonse ndekha.

Pali tinthu tina timene ndikukayika tomwe mungandiunikire. Pa cha mlaza, ndikaika kansalu kazipi pakamwa kuti pazitsekeka, mtengo ukwera ndi K2,500 chifukwa mazipi olimba ndimachita kuitanitsa ku Limbe, otchipa aja amathothoka mano pakangotha sabata ziwiri ndipo sindifuna kumawaika. Mungalolere kuwonjezera? Komanso m'mphepete mwa mlazamo mchemwali wanga akuti mumakoka ulusi wa diresi ukachikolekera pambali, ine sindinazione koma amene munagwiritsapo ntchito madengu oterewa ndiuzeni ngati ndi vuto lenileni, ndikhoza kukulunga m'mphepetemo ndi nsalu. Pa cha zipi, lambayo ndamupanga wotalika mofanana, wosasinthika, ine ndi wamfupi nde pa ine chikufika m'chiuno bwinobwino, koma aatali kaya.

Azibambo musadutse chonde, ambiri mwa inu ndi amene mumagulira akazi anu ndi amayi anu mphatso za Khirisimasi ndi Idi, nenaninso mbali yanu. A ku Lilongwe, Blantyre, ndi abale athu muli ku Joni, polemba mutchule komwe muli, chifukwa cha mlaza sichipindika, potumiza pa basi chimafuna katoni yakeyake ndipo ndalama yotumizira imakwera, pamene cha zipi chimalowa mu envulopu yaikulu. Amene muli ndi mashopu kapena malo ogona alendo ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, inu mumaona zimene alendo amanyamula n'kubweza pansi ndi zimene amalipiradi, mawu anu ndikuwafuna kwambiri.

Masampulo onse awiri ali ku shopu, amene muli pafupi bwerani mudzawagwire, mudzatsegule zipi, mudzaikemo katundu wanu muone, simukakamizidwa kugula chilichonse. Ndiwerenga mayankho mpaka Lamlungu madzulo, Lolemba m'mawa ndikupita ku Mpondasi kukawauza amayi aja ngati ayambe kudula mlaza kapena ayi, ndipo ndidzabweranso pompano kukuuzani chimene chasankhidwa ndi zimene ndasintha chifukwa cha mawu anu.

1, 2 kapena 0, ndi chifukwa chake. Zikomo kwambiri.