Dongosolo la kamangidwe ka sepitiki thanki ndi sokawe pa nyumba ya ku Chankhanga, Kasungu

Kwa eni nyumba ndi amisiri omanga:

Nyumbayi muzikhala anthu 8, koma tawerengera anthu 10 poganizira abale amene amabwera kudzakhala pa tchuthi. Kukula kwa thanki tapeza ndi lamulo ili, momwe C ndi malita ndipo P ndi chiwerengero cha anthu:

```
C = 180P + 2000
```

Pa anthu 10 pakufunika malita 3,800. Choncho mkati mwa thanki mukhale mamita 2.7 m'litali, osawerengera khoma logawa, mita imodzi m'lifupi ndi mamita 1.5 kuya kwa madzi, zomwe zikupereka malita 4,050. Pakati pa madzi ndi silabu pasiyidwe mpata wa masentimita 30. Chipinda choyamba chitenge mamita 1.8 chifukwa ndi mmene zinyalala zolemera zimadikha, ndipo chachiwiri chitenge mamita 0.9. Makoma akhale a njerwa zootcha, opakidwa pulasitala wa simenti kuti asadonthe. Mapaipi a mamilimita 110 akhale ndi zolumikizira za T polowera ndi potulukira, ndipo potulukira patsike ndi mamilimita 75 kuti madzi asabwerere kunyumba. Chipinda chilichonse chikhale ndi chivindikiro chake, popeza thankiyi iyenera kupopedwa matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake.

Sokawe ndiye ofunika kusamala kwambiri, chifukwa ambiri amangokumba dzenje limodzi mongoyerekeza, kenako limasefukira mvula ikafika pachimake. Tatenga malita 80 pa munthu tsiku lililonse, kutanthauza malita 800. Dothi la pamalopa ndi la mchenga wosakanikirana ndi katondo pang'ono, ndipo taliyesa kuti lingamwe malita 30 pa sikweya mita patsiku, motero pakufunika masikweya mita 27 a khoma la dzenje. Pansi pa dzenje sitinawerengerepo, chifukwa pamatsekeka msanga ndi matope. Akumbidwe maenje awiri ozungulira, lililonse mamita 2 m'mimba mwake ndi mamita 2.2 kuya kuchokera pa paipi yolowetsa madzi, otalikirana mamita 6, ndipo adzazidwe ndi miyala ikuluikulu yopanda dothi.

Maenjewa akhale kumunsi kwa pulotiyi, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime cha oyandikana nawo, ndipo pansi pake patalikire mamita osachepera 1.5 kuchokera pomwe madzi a pansi pa nthaka amafika m'dzinja. Amisiri akapeza thanthwe kapena madzi asanafike pa muyesowu, aimitse ntchito kuti tisinthe n'kukumba ngalande zosaya m'malo mwa maenje. Madzi a mvula a padenga asalowe m'thanki, ndipo ntchito iyambe khonsolo ya Kasungu ikavomereza mapulani.